Ndikakonza marefarensi mu Word, Zotero ikumabwezeretsa zolakwika zomwe zija

Funso: "Ndikulemba dizeteshoni ya masitazi yokhudza sabuside ya feteleza, ndimakhala ku Area 25. Ndinaika Zotero koma ikundizunguza mutu. Lipoti la kalembera wa 2018 likutuluka kuti Office, N. S., ndikakonza pamanja mu Word mawa lake zabwereranso. Supavaiza wanga wadetsa tsamba lonse la marefarensi ndi zofiira. Ndingoisiya ndizilemba pamanja?"

Musaisiye achemwali, makamaka panopa pomwe mwafika kale patali. Vuto lanuli ndaliona kwa ophunzira ambiri ndipo gwero lake ndi limodzi, mukukonza pamalo olakwika. Zomwe mukuona mu Word zija, saiteshoni ya m'kati mwa ndime ndi mndandanda wa kumapeto uja, si zolemba wamba ngati ziganizo zanu ayi. Chilichonse chili ndi chingwe chobisika chopita ku laibulale yanu ya mu Zotero, nde mukadina Refresh, olo mukangoika saiteshoni ina yatsopano, Zotero imapita kukawerenganso zomwe zili mu laibulale muja nkulembanso mndandanda wonse mwatsopano. Ngati mu laibulale dzina linalowa molakwika, lidzatuluka molakwika tsiku lililonse mpaka tsiku la difensi. Zili ngati kukolopa pansi mpopi uli chitsegulire.

Tiyeni titenge lipoti lanu lomwelo la kalembera tiyende nalo. Lipoti lalikulu la kalembera wa 2018 linatulutsidwa mu 2019 ndi National Statistical Office ya ku Zomba, lija linati tilipo anthu 17,563,749. Mukaliika mu Zotero, malo olemba dzina la mlembi amakhala ndi mabokosi awiri, la dzina la bambo ndi la dzina loyamba, chifukwa Zotero imaganiza kuti mlembi aliyense ndi munthu. Nde imatenga mawu omaliza, Office, nkuwayesa dzina la bambo, National ndi Statistical nkukhala maina oyamba, ndipo sitayilo ya marefarensi ya APA pofupikitsa imakupatsani bambo Office, N. S. amene sanabadwepo. Kukonza kwake nkwa masekondi ochepa. Dinani lipotilo mu laibulale, kumanja pa Author pali kabatani kakang'ono pafupi ndi dzina, mukaikapo mausi kamalemba Switch to single field. Kadineni, mabokosi awiri aja asanduka limodzi, lembanimo dzina lonse la bungwe mmene limalembedwera. Bwererani ku Word, dinani Refresh, muona paliponse pomwe munatchula lipotilo pasintha pokha, olo patakhala malo makumi atatu. Chitani chimodzimodzi ndi unduna wa zaulimi, National Planning Commission pa chikalata cha Malawi 2063, World Bank, FAO ndi mabungwe ena onse. Pa mutu ngati wanu zolemba zambiri ndi malipoti a boma ndi mabungwe, nde ntchitoyi ikudyerani madzulo amodzi koma ndi ya kamodzi basi.

Muli pompo yang'anani Item Type pamwamba penipeni. Malipoti ambiri amalowa ngati Web Page kapena Document chifukwa munawatenga pa webusaiti, ndipo mtundu ukalakwika kalembedwe konse kamalakwika, zoyenera kupendekeka sizipendekeka, zina zimasowa. Lipoti likhale Report, dizeteshoni ya munthu wina ikhale Thesis, chaputala cha m'buku lomwe chaputala chilichonse chili ndi mlembi wake chikhale Book Section ndipo akonzi a bukulo muwaike ngati Editor osati Author. Kanthu kena ka APA 7, ngati mlembi ndi wosindikiza ali bungwe lomwelo dzina silibwerezedwa, nde mukaona National Statistical Office yatuluka kawiri mu refarensi imodzi, kachotseni pa Institution.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa ndikukayikira kuti zonyansa zambiri zinalowa pa khomo. Njira yomwe pepala lalowera mu Zotero ndi yomwe imanena ngati lidzakuvuteni kapena ayi. Njira yaukhondo kwambiri ndi DOI. Pamwamba pali kabatani kooneka ngati kandodo ka amatsenga, Add Item(s) by Identifier, mumamatamo DOI ya pepala, ija imayamba ndi 10. kenako manambala, kapena ISBN ya buku, Zotero nkukatenga zonse kuchokera komwe wosindikiza analembetsa. Yachiwiri ndi Zotero Connector mu Chrome kapena Firefox, koma muziidina muli pa tsamba lenileni la pepalalo ku jenolo, osati pa mndandanda wa Google Scholar, chifukwa za pa Google Scholar kawirikawiri zimabwera zoperewera, DOI palibe, nthawi zina masamba palibe. Yachitatu ndi ija timaikonda tonse, kukoka PDF yomwe mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp nkuiponya mu Zotero. Ikakhala pepala la mu jenolo Zotero imawerenga masamba oyamba nkupeza yokha kuti ndi la ndani. Koma ikakhala lipoti la unduna, kapena chikalata chochita kujambula pa sikana chomwe mawu ake simungawasankhe ndi mausi, imalephera, PDF imangokhala yokhayokha yopanda kholo, ndipo PDF yopanda kholo simungaitchule mu Word. Pamenepo dinani batani lakumanja la mausi, Create Parent Item, Manual Entry, mulembe nokha mukuyang'ana chikuto cha lipotilo. Ine lamulo langa ndi loti pepala likangolowa ndimaliyang'ana pompo, mlembi, chaka, mutu, dzina la jenolo, voliyumu ndi masamba, ndisanayambe kuliwerenga. Theka la miniti. Mukati ndidzakonza kumapeto, kumapetoko mudzakhala ndi mapepala 140 ndi sabata imodzi.

Zofiira zina za supavaiza wanu ndikhoza kulosera ndisanazione, ndi za zilembo zazikulu m'mitu ya mapepala. APA imafuna mutu wa pepala ulembedwe ngati chiganizo, chilembo chachikulu poyamba, pambuyo pa madontho awiri aja, ndi pa maina enieni basi. Majenolo ambiri amatumiza mitu yokhala ndi chilembo chachikulu pa liwu lililonse, ndipo Zotero siitsitsa yokha potulutsa APA popeza singadziwe kuti liwu ili ndi dzina la malo kapena ayi. Nde dinani batani lakumanja pa Title, sankhani Sentence case, kenako muwerenge mutuwo, chifukwa kawirikawiri mupeza malawi, lilongwe, kasungu zatsika nazo limodzi ndipo muyenera kuzikweza pamanja. Ubwino wake mukasunga chonchi, tsiku lina jenolo ikadzafuna sitayilo ya zilembo zazikulu, Zotero imatha kukweza yokha. Kutsitsa ndi komwe imalephera.

Palinso china chomwe chimativuta ife kuno kuposa anzathu akunja, maina ofanana. APA imati olemba awiri osiyana akakhala ndi dzina la bambo limodzi, muike zilembo za maina awo oyamba m'kati mwa ndime kuti owerenga asasokonezeke. Kwathu kuno a Banda, a Phiri ndi a Mwale ali mbwee, nde mukaona Zotero yaika chilembo kutsogolo kwa Banda musathamangire kufufuta, mwina ikunena zoona, ndi a Banda awiri. Koma nthawi zambiri ndi munthu mmodzi amene walowa mu laibulale mwa mitundu iwiri. Pa sabuside simungathawe zolemba za Ephraim Chirwa ndi Andrew Dorward, kuphatikizapo buku lawo la 2013 la ku Oxford University Press. Pepala lina likalowa ndi Chirwa, E., lina Chirwa, Ephraim W., Zotero imawayesa anthu awiri nkuyamba kukulemberani E. Chirwa apa, E. W. Chirwa apo. Lembani Chirwa mu bokosi lofufuzira, tsegulani chilichonse, dzina lilembedwe mofanana ndendende paliponse, Refresh, zilembo zija zichoka zokha.

Chofanana nacho ndi pepala limodzi kulowa kawiri. Chizindikiro chake ndi choti mu mndandanda likutuluka kawiri, lina 2013a lina 2013b, pomwe ndi lomwelo. Apa chenjerani, musafufute limodzi. Mwina chaputala 2 chinamangirira ku loyamba, chaputala 5 ku lachiwiri, mukafufuta mwadula chingwe cha masaiteshoni ena. Pitani pa Duplicate Items kumanzere, sankhani awiriwo, dinani Merge, Zotero imawaphatikiza ndipo zingwe zonse ziwiri zimatsalabe zamoyo.

Tsopano za kuwerenga. Ngati mukutsegulabe ma PDF mu pulogalamu ina nkumakopera ziganizo mu fayilo ya Word yotchedwa manotsi, mukudziikira msampha. Miyezi itatu ikadutsa simudzakumbuka kuti chiganizo ichi ndi chanu kapena cha eni pepala, ndipo anthu ambiri amene amagwidwa ndi Turnitin sikuti ankafuna kuba, ndi manotsi osokonekera omwewa. Kuyambira Zotero 6 ya mu 2022 mumawerengera PDF momwemo. Mukapaka utoto pa chiganizo, kumanzere kumabwera kabokosi kokhala ndi mawu aja, nambala ya tsamba, ndi malo oti Add comment. Malo amenewo ndi ofunika kuposa utoto. Lembanimo m'mawu anuanu chifukwa chomwe mwapakira, olo m'Chichewa, ngati "izi zikutsutsana ndi zomwe alimi anandiuza ku Mitundu, chaputala 5". Mitundu ya utoto ilipo yambiri koma musakhale ngati mukukongoletsa holo ya ukwati, itatu ndi yokwana. Ine chikasu ndi zomwe apeza, buluu ndi mmene anachitira kafukufuku, anthu angati, maboma ati, chaka chanji, chofiira ndi zomwe sindikugwirizana nazo. Mukamaliza pepala, batani lakumanja pa pepalalo, Add Note from Annotations. Zotero imakupangirani noti imodzi, mawu a eni ake ali m'zizindikiro za mawu ogwidwa ndi saiteshoni ndi tsamba lake, ndemanga yanu ili pambali yopanda zizindikiro. Notiyo mukhoza kuilowetsa mu Word ndi batani la Add Note, kwina limalembedwa Insert Note, masaiteshoni ake amalowa ali amoyo.

Koma nambala ya tsamba muziiyang'ana ndi diso lanu. Malipoti ngati la kalembera lija amayamba ndi chikuto, mawu otsogolera, mndandanda wa matebulo, masamba a manambala achiroma, nde tsamba lomwe PDF ikuti 30 mwina pansi pake pasindikizidwa 14. Zotero imayesa kupeza nambala yeniyeni koma pa malipoti imaphonya nthawi zina. Mukaona sizikufanana, batani lakumanja pa kabokosi ka kumanzere kaja, Edit Page Number, ikani yolondola ndipo musankhe kuti isinthenso masamba otsatira. Ekizamina amene amakonda kutsegula tsamba lomwe mwatchula alipo ndithu. Dziwaninso kuti utoto ndi ndemanga zija sizilembedwa m'kati mwa PDF, zimasungidwa mu Zotero, nde mukatumizira mnzanu fayiloyo aipeza yoyera. Mukafuna aone zomwe munapaka gwiritsani File, Export PDF.

Tibwerere ku Word komwe kuli nkhondo yanu. Chilichonse chomwe mukufuna kuwonjezera pa saiteshoni chili ndi malo ake m'kabokosi ka Add/Edit Citation. Mukasankha pepala, dinani pa dzina lake m'kabokosimo, patuluka Page, Prefix, Suffix ndi Omit Author, yomwe m'maveshoni akale inkalembedwa Suppress Author. Nambala ya tsamba ilowe pa Page, manambala okha, p. ija Zotero iika yokha. Mukafuna chiganizo choyamba ndi maina a olemba kenako chaka m'mabulaketi, mainawo lembani nokha ngati mawu wamba, kenako ikani saiteshoni mutachonga Omit Author, patuluka chaka chokha. Mukalowa m'kati mwa saiteshoni nkusintha ndi kiyibodi, Zotero idzakufunsani kuti mwasintha saiteshoniyi, kodi isunge zosintha zanu nkusiya kuikonzanso mtsogolo. Ambiri amadina Yes poganiza kuti apambana. Dinani No. Mukati Yes saiteshoni imeneyo yauma, mukadzakonza chaka mu laibulale ena onse asintha iyo yokha nkutsala ndi chaka chakale, ndipo kuipeza m'masamba 120 si masewera.

Chomwe chimandiopsa kwambiri pa nkhani yanu ndi ulendo wa fayilo kupita kwa supavaiza nkubwerera. Zingwe zija zimakhala bwinobwino fayilo ikamatsegulidwa mu Word nkusungidwa ngati .docx, Track Changes ndi makomenti sizizipha. Zimafa fayilo ikadutsa mu pulogalamu ina nkusungidwa kumeneko, monga kutsegulidwa mu Google Docs nkuitsitsanso, kapena mu Pages pa Mac, kapena wina akakopera zonse nkumata ndi Keep Text Only. Pamaso zimaoneka chimodzimodzi, ndiye poipa pake. Mumadzazindikira mukaika saiteshoni yatsopano nkuona mndandanda wa kumapeto watsala ndi refarensi imodzi yokha, kapena sukusinthanso olo pang'ono. Mnyamata wina amene ndinkamuthandiza anapereka dizeteshoni yake pa kashopu kena ka zosindikiza mtauni muno kuti amukonzere mamajini ndi manambala a masamba, inabwera yooneka bwino zedi koma masaiteshoni onse atasanduka mawu wamba, ndipo iye anapitiriza kulemba pa fayilo yomweyo milungu iwiri asanadziwe. Palibe batani lodzutsa akufa, anachita kuikanso imodziimodzi.

Nde fayilo iliyonse ikabwera kuchokera kwa munthu, iyeseni musanalembemo kanthu. Dinani pa saiteshoni, yamoyo imachita mthunzi wotuwa. Kapena dinani Alt+F9, pa malaputopu ena muwonjezere Fn, ndipo pamalo pa saiteshoni iliyonse muone zoyamba chonchi:

```
ADDIN ZOTERO_ITEM CSL_CITATION
```

Zikaoneka, zili moyo, dinaninso Alt+F9 zibisike. Zikapanda kuoneka, fayilo imeneyo ingokhala yowerengera ndemanga za supavaiza, zosintha muzikazichita mu fayilo yanu. Kunena zoona ine ndimalangiza zimenezi olo zingwe zitakhala zamoyo, fayilo yeniyeni ikhale imodzi ndipo isachoke m'manja mwanu, kwa ena kuzipita makope okhala ndi deti pa dzina. Ngati machaputala anu ali m'mafayilo osiyana palibe vuto, pomaliza muwamate mu fayilo imodzi ndi kumata wamba kosunga maonekedwe, muchotse timindandanda ta chaputala chilichonse, muike Add/Edit Bibliography kamodzi kumapeto. Fayilo ikakula nkuyamba kuchedwa, lowani mu Document Preferences muchotse chonga pa Automatically update citations, muzidina Refresh nokha mukamaliza ntchito ya tsikulo.

Chatsala ndi laibulale yeniyeniyo, poti zingwe zonsezi zikuloza kumeneko, ndipo laputopu mu Lilongwe muno imatha kupita pa depoti masana dzuwa likuswa mtengo. Tsegulani akaunti pa zotero.org, ndi yaulere, mulowe nayo pa Settings, Sync. Maina a mapepala, manotsi ndi zopaka utoto zimakwera kwaulere popanda malire ndipo sizidya bandulo yambiri poti ndi mawu chabe. Ma PDF ndi omwe ali ndi malire, 300 MB yaulere, ndipo ngati pepala limodzi lili cha m'ma 2 MB ndiye kuti mapepala 150 yadzadza, malipoti a zithunzi zambiri amaidzadza msanga kuposa apo. Ikadzadza musachite mantha ndi chenjezo lija, zina zonse zikupitirirabe kukwera, ma PDF atsopano okha ndi omwe akutsala pa laputopu. Ngati simukufuna kulipira, ma PDF muwateteze ndi fulashi. Pa Windows zonse zimakhala mu foda iyi:

```
C:\Users\<dzina lanu>\Zotero
```

M'menemo muli zotero.sqlite, yomwe ndi laibulale yonse, ndi foda ya storage momwe muli ma PDF. Tsekani Zotero kaye, kenako kopani foda yonseyo muike pa fulashi, Lachisanu lililonse, ndipo fulashiyo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Zinthu ziwiri musachite. Musasamutsire foda imeneyi m'kati mwa Google Drive, OneDrive kapena Dropbox kuti Zotero izigwirira ntchito momwemo, mapulogalamu amenewo amagwira fayilo ya sqlite Zotero ili m'kati molemba ndipo imatha kuonongeka. Komanso Export Library kupita ku RIS kapena BibTeX si bakapu. Mukadzailowetsa pa laputopu ina, Zotero imawaona ngati mapepala atsopano, masaiteshoni a mu dizeteshoni amakhala amasiye, amaonekabe koma mukakonza mu laibulale iwo sasintha, ndipo mukatchulanso pepala lomwelo limatuluka kawiri. Wamasiye mumamudziwa mukamudina m'kabokosi ka Add/Edit Citation nkupeza kuti batani la Open in My Library palibe.

Batani la Unlink Citations lija musalikhudze panopa. Limadula zingwe zonse nthawi imodzi ndipo mukasunga nkutseka fayilo palibe kubwerera. Ntchito yake ndi ya tsiku lomaliza, mwadina Refresh komaliza, mwawerenga mndandanda wonse mzere ndi mzere, mwapanga Save As ndi dzina lina, nde pa kope imeneyo ndi pomwe mumadula, nkukonza pamanja tinthu tiwiri titatu tomwe buku la malamulo a dizeteshoni la pasukulu panu likufuna mosiyana ndi APA. Kope yodulidwayo ndi yopita kokasindikiza ndi kokamanga. Ya zingwe isungeni, chifukwa maekizamina akabweza ndi zokonza mudzafunika kuwonjezera mapepala ena asanu, ndipo mudzayambira pa imeneyo.